Kusintha chipembedzo: ku mzikiti, ku tchalitchi ndi pa mphasa ya amalume

Munthu akafuna kulowa Chisilamu, mwambo wake sutenga nthawi. Amakhala pamaso pa shehe ndi mboni, nanena mawu a shahada m'Chiarabu motsatira shehe, kuchitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi yekha ndipo Muhammadi ndi mtumiki wake. Amasambanso thupi lonse. Basi, wakhala Msilamu. Kusintha dzina sikokakamiza pokhapokha dzina lakale lili ndi tanthauzo lotsutsana ndi chikhulupirirocho, ndipo mwamuna wosadulidwa amalimbikitsidwa kukachita mdulidwe pambuyo pake. Kuphunzira swala zisanu za tsiku ndi kusala m'mwezi wa Ramadani kumatsatira.

Ku Katolika n'zosiyana: maphunziro amayamba, mwambo nkumalizira. Wamkulu wosabatizidwa amalowa kalasi kwa nthawi yaitali, ndipo kale ansembe a White Fathers ankadikiritsa anthu zaka 4. Ubatizo wa akuluakulu umachitika makamaka usiku wa Pasaka, pamene munthu amathiridwa madzi katatu nayamba kulandira Ukaristia. Koma wochokera ku CCAP kapena ku Anglikani sabatizidwanso, chifukwa ubatizo wa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera umavomerezedwa. Iye amaphunzira, kenako amavomera chikhulupiriro pamaso pa mpingo. A Seventh-day Adventist ndi a Baptist amafuna kumizidwa thupi lonse, choncho yemwe anathiridwa madzi pamutu ali khanda amalowa m'madzi. A Mboni za Yehova amayamba akambirana mafunso ndi akulu, ubatizo nkuchitika pa msonkhano waukulu. Kwa Ayuda njira yake imatenga chaka kapena kupitirira, ndipo imathera pa bwalo la anthu atatu ndi kumizidwa m'dziwe la mwambo.

Ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo. Komatu lamulo silidya nawo nsima pakhomo. Chimene chimapweteka makolo kawirikawiri si chiphunzitso chatsopanocho, koma kumvera nkhaniyo kuchigayo, kapena kungoona mwana wawo atavala mpango wa Chisilamu asananene kalikonse. N'chifukwa chake ndi bwino kunena mwambo usanachitike, ndipo amene akulowa Chisilamu asamale kwambiri, poti shahada itha kuchitika tsiku lomwelo munthu watsimikiza mumtima.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Dedza, wokulira mu CCAP, amene mayi ake ndi a Chigwirizano. Nkhani yotere sayiponya pa foni, sayiyambitsa pa maliro kapena pa Khirisimasi abale onse atadzaza. Kwa Achewa mwini mbumba ndi amalume, ndiye amayamba kwa iwo, iwowo nkusankha tsiku lokhala pansi ndi makolo. Kumene ana amawerengedwa kwa bambo, amayamba kwa abambo aakulu kapena azakhali. Ngati ali pabanja, mwamuna wake amve koyamba, ndipo ankhoswe adziwe, chifukwa nkhani ya kumene ana azipemphera idzafika m'manja mwawo.

Mawu ake akhale ochepa: "Amalume, ndabwera kudzakudziwitsani musanamve kwa ena. Ndaganiza zolowa Chisilamu. Sindikunyoza kumene munandilerera, ndipo ndidakali mwana wanu." Apa ambiri amalakwa posandutsa mphasa kukhala guwa, kuyamba kutsegula mavesi osonyeza kuti makolo anasochera. Kholo limene latsutsidwa ndi mwana pamaso pa mlongo wake silimvanso china chilichonse tsikulo.

Mafunso amene adzabwere ndi a pakhomo, ndipo ayenera kukhala ndi mayankho. Udzadya ndiwo zanga? Mtsikanayo afotokoze kuti nkhumba waleka, nyama ina adzadya ikazingidwa ndi Msilamu, koma nyemba, usipa ndi masamba adya mbale imodzi ndi onse. Dzina limene anakupatsa agogo ako walitaya? Ngati watenga latsopano, alole kuti pakhomo azimuitanabe lakale. Lolemera kwambiri ndi la maliro. Asilamu amaika maliro mwachangu, mtembo utasambitsidwa ndi kukulungidwa mu sanda, popanda kwaya yochezera usiku. Akhristu amadikira achibale akutali ndipo amaika m'bokosi. Wosintha anene ali moyo, pamaso pa amalume, mmene akufuna kudzaikidwira, apo ayi abusa ndi shehe adzakumana pa siwa aliyense ndi dongosolo lake.

Pali pamene kunena msanga kuli koopsa. Wophunzira amene fizi amalipiridwa ndi kholo laukali, kapena mayi amene akuopa kumenyedwa kaya kupirikitsidwa, ayambe wapeza wachibale womuimira ndi malo oti akagone zinthu zikavuta, ndipo asakanene ali yekha m'nyumbamo.