Kukopera khodi ya pavidiyo popanda kuphonya chilembo

Khodi imene mphunzitsi wa mapulogalamu a pakompyuta akuonetsa pavidiyo ndi chithunzi chabe. Siitheka kuisankha ndi kuikopera ngati mawu a m'kalata, choncho wophunzira amaiwerenga ndi maso n'kuitayipa yekha. Munthu akamawerenga nkhani amamva tanthauzo ngakhale chilembo china chitasowa, koma kompyuta imatsata zimene zalembedwa basi.

Ntchitoyi imayamba ndi kuoneka bwino kwa vidiyo. Pofuna kusunga bandulo, anthu ambiri amaonera pa 360p, ndipo pamenepo tizizindikiro ting'onoting'ono timafufutika: `:` amaoneka ngati `;`, `(` ngati `{`, ndipo `l`, `1` ndi `I` amangokhala kamzere koimirira. Sikofunika kuonera phunziro lonse pa 1080p. Ndi bwino kukweza pa 720p kapena 1080p pokhapo pamene khodi yonse ili poyera, kenako n'kuimitsa vidiyo. Pa YouTube ya pakompyuta, batani la `k` limaimitsa vidiyo, ndipo ikaima `,` ndi `.` amaibweza kapena kuipititsa patsogolo chithunzi chimodzichimodzi. Zimenezi zimathandiza mphunzitsi akadutsitsa tsamba mofulumira.

Malo oimitsira nawo ndi nkhani. Aphunzitsi amalemba, kufufuta, n'kubwereranso pamwamba kukakonza mzere, nthawi zina osanena. Khodi yodalirika ndi imene ili pasikirini pamene mphunzitsi akuiyendetsa n'kuonetsa zotsatira zake. Wokopera ayenera kulembanso zotsatirazo, chifukwa ndizo adzayesere ntchito yake.

Nachi chitsanzo cha Python chowonkhetsa mitengo itatu:

```python
mitengo = [1500, 2300, 700]
total = 0
for mtengo in mitengo:
    total += mtengo
print(total)
```

Ikatayipidwa molondola, pulogalamuyi imatulutsa 4500. Wokopera akaiwala `:` kumapeto kwa mzere wachitatu, Python imakana kuyenda ndipo imalemba `SyntaxError`. Akaona `l` ngati `1` n'kulemba `tota1` mumzere wachinayi, pamatuluka `NameError` pamodzi ndi dzina lolakwikalo. Akayamba mzere wachinayi m'mphepete, osasiya mipata kutsogolo kwake, pamatuluka `IndentationError`. Zolakwa zoterezi n'zosavuta, popeza kompyuta imatchula nambala ya mzere. Kungoti nthawi zina vuto limakhala mumzere wa pamwamba pa umene watchulidwa, makamaka ngati chizindikiro chotsekera chaiwalika.

Zovuta kwambiri ndi zolakwa zimene kompyuta siidandaula nazo. Wokopera akasinthanitsa zizindikiro ziwiri n'kulemba `=+` m'malo mwa `+=`, pulogalamu imayenda bwinobwino koma imatulutsa 700. Chimene chachitika n'chakuti `total` sakuwonjezeredwanso. Paulendo uliwonse akungolandira mtengo watsopano, ndipo wotsiriza ndi umene watsala. Mipata nayo imasintha tanthauzo. Mu Python, mipata ya kutsogolo kwa mzere, imene kawirikawiri imakhala inayi, ndiyo imasonyeza kuti mzerewo uli m'kati mwa `for`. Mzere wa `print` ukalowetsedwa m'kati ndi mipata inayi, pamatuluka manambala atatu: 1500, 3800 ndi 4500. Palibe uthenga wochenjeza. Njira yokhayo yodziwira ndi kuyerekeza zotsatira ndi zija zinaoneka pavidiyo, ndipo n'chifukwa chake ndi nzeru kutayipa mizere yochepa n'kuiyendetsa, m'malo modikira kumaliza pulogalamu yonse.

Pali mapulogalamu owerenga malemba a pachithunzi, monga Google Lens, ndipo amafupikitsa ntchito ngati khodi ili yaitali. Koma nthawi zambiri amataya mipata ya kutsogolo ndi kusokoneza `0` ndi `O`, kotero zimene atulutsa zimafunikabe kuzifananiza ndi chithunzi mzere ndi mzere. Kutayipira khodi mu Microsoft Word nakonso kumabweretsa vuto lina: zizindikiro zowongoka `"` zimasanduka zopindika, zimene Python imazikana.

Nthawi zina zimene maso aona sizimene mphunzitsi anatayipa. Mitundu ina ya zilembo, monga Fira Code, imalumikiza `!=` kuti aoneke ngati `≠`, ndiponso `>=` ngati `≥`. Wokopera ayenera kutayipa zizindikiro ziwirizo, osati kufunafuna chimodzi chimene chikuonekacho.

Khodi ikhozanso kukopedwa molondola koma n'kukanabe chifukwa vidiyo ndi yakale. Mzere wonga `print "Moni"` ndi wa Python 2, imene inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020; mu Python 3 umalembedwa `print("Moni")`. Choncho asanayambe kutayipa, wophunzira ayenera kuona chaka chimene vidiyo inatuluka, ndiponso kuwerenga mawu ofotokozera pansi pake, pamene aphunzitsi ambiri amaika adiresi ya GitHub yokhala ndi khodi yonse.