Magetsi a Juni alembedwe mu Juni, ngakhale bilu isanafike

Pa mabizinesi omwe amalipira magetsi atagwiritsa kale ntchito, monga zigayo zikuluzikulu, mafakitale ndi maesiteti, mwezi umatha bilu ya ESCOM isanafike. Wolemba mabuku a ndalama akufuna kutseka mwezi wa Juni, koma pepala lonena za magetsi a Juni lidzabwera mu Julayi. Ambiri amangosiya mzere wa magetsi wopanda kanthu, n'kumati tidzalemba bilu ikabwera. Kutero n'kunamiza mwini bizinesi, chifukwa phindu la Juni limaoneka lonenepa pomwe magetsi omwe anayendetsa makina sanawerengeredwe.

Lamulo la akawunti pa nkhaniyi ndi lakuti chinthu chimalembedwa m'mwezi womwe chagwiritsidwa ntchito, kaya ndalama yatuluka kaya ayi. Magetsi mwawotcha kale, choncho ngongole ilipo. Chomwe chikusowa ndi pepala chabe.

Tiyerekeze ndi chigayo. Pa 31 Meyi mita inkawerenga 48,200, ndipo madzulo a pa 30 Juni ikuwerenga 51,700. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 3,500. Tinene kuti bilu yapitayo ikuonetsa K200 pa yunitsi iliyonse, komanso K50,000 yolipira mwezi ndi mwezi posatengera kuti makina ayenda bwanji. Mitengoyi ndi yongofanizira. Yanu yeniyeni ili pa bilu yanu. Mayunitsi aja akukwana K700,000, ndipo kuphatikiza ndi K50,000 ija tikupeza K750,000. Ndalamayi ilembedwe kawiri ndi deti la 30 Juni: debiti ku akawunti ya magetsi, kirediti ku akawunti ya ngongole zomwe mabilu ake sanafike. Ku banki sikutuluka ngakhale tambala. Phindu la Juni latsika ndi K750,000, ndipo ngongole za bizinesi zakwera ndi ndalama yomweyo.

N'chifukwa chiyani tikuvutika ndi kuwerenga mita m'malo mongokopera bilu ya Meyi? Chigayo sichigwira ntchito mofanana chaka chonse. Anthu akangokolola, matumba amachita kuunjikana pakhomo ndipo makina amalira mpaka usiku, pomwe miyezi ya njala wogayitsa amabwera ndi ndowa imodzi. Magetsi akazimazima, mayunitsi amatsikanso. Mitengo nayo imasintha bungwe la MERA likavomereza, ndiye bilu yakale ikhoza kukhala ndi mtengo womwe unatha ntchito. Chenjeraninso ndi mamita a malo aakulu: ena nambala yake imayenera kuchulukitsidwa kaye, ndipo nambala yochulukitsirayo muifune pa bilu. Mukaiiwala, chiyerekezo chanu chichepa kwambiri.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi mwezi wotsatira. Pa 1 Julayi zomwe tinalemba zija zimatembenuzidwa: debiti ku akawunti ya ngongole ija, kirediti ku akawunti ya magetsi, K750,000 yomweyo. Akawunti ya ngongole yabwerera pa ziro, ndipo ya magetsi yayamba Julayi ili ndi K750,000 kumbali ya kirediti. Izi zisakudabwitseni, ikudikira bilu. Bilu ija ikafika, tinene kuti ndi K780,000, imalembedwa yonse monga mwa nthawi zonse: debiti ku magetsi, kirediti ku akawunti ya ESCOM. Mukachotsera K750,000 ija, pa Julayi pangotsala K30,000, yomwe ndi kuperewera kwa chiyerekezo chathu. Kusiyana kochepa chotere sikutsegulitsa mabuku a Juni.

Mukaiwala kutembenuza, magetsi a Juni alembedwa kawiri, K750,000 mu Juni ndi K780,000 mu Julayi, ndipo Julayi adzanyamulanso chiyerekezo chakechake mwezi ukamatha. Kuzindikira kwake n'kosavuta. Tsegulani akawunti ya ngongole zodikira mabilu ija. Ngati bilu imabwera mwezi ndi mwezi, muyenera kupezamo magetsi a mwezi umodzi wokha. Mukaona ikungokula, K750,000 lero, mwezi wamawa yadutsa miliyoni ndi theka pomwe mabilu onse analipidwa, dziwani kuti wina sakutembenuza.

Ngati bizinesi yanu inalembetsa msonkho wa VAT ndipo imaubweza ku MRA, chiyerekezocho chikhale chopanda msonkhowu, chifukwa kubweza kumafuna invoisi yeniyeni. Ngati sinalembetse, msonkhowo ndi gawo la mtengo wa magetsi, uwerengereni. Kwa ogula mayunitsi pasadakhale nkhani ndi yotembenuka: iwo alibe ngongole, koma mayunitsi otsala pa mita mwezi ukamatha ndi a mwezi wamawa.

Tsiku lomaliza la mwezi, makina akangozimitsidwa, tumani munthu akajambule mita ndi foni. Chithunzicho ndi masamu anu aja muzisunge pamodzi ndi zomwe mwalemba m'buku, chifukwa wodzafufuza mabuku adzafunsa komwe K750,000 inachokera.