Chinsinsi Chobisidwa Pambalambanda

Mu 1926 Agatha Christie anatulutsa buku lotchedwa The Murder of Roger Ackroyd. Wofotokoza nkhaniyo ndi Dokotala Sheppard, amene akuthandiza wofufuza milandu, Hercule Poirot, kusaka wakupha. Kumapeto, wakuphayo ndi dokotala yemweyo.

Wowerenga amadzidzimuka, kenako amabwerera m'mbuyo kukafuna pomwe ananamizidwa. Sapapeza. Dokotala amanena nthawi imene kalata inabweretsedwa kwa Ackroyd, n'kunenanso nthawi imene iye anatuluka m'chipindamo. Pakati pali mphindi 10 zomwe sazifotokoza, ndipo ndi m'mphindi zimenezo momwe anabaya mnzakeyo. Mawu onse ndi oona; wolemba anangosiya mpata. Powerenga koyamba timauwoloka osauona chifukwa timamukhulupirira munthu wotiuza nkhani, makamaka dokotala wofatsa. Powerenga kachiwiri, mpatawo umachita kuonekeratu.

Luso lagona pamenepo. Chiganizo chilichonse chokhudza chinsinsi chiyenera kumveka bwino paŵiri: kwa wosadziŵa ndi kwa wodziŵa. N'chifukwa chake wolemba amafunika kudziŵa mathero asanayambe, kapena kubwerera kukakonza mitu yoyambirira.

Nkhani yolephera imadziŵika msanga. Ngati mathero akudalira mapasa amene sanatchulidwepo, kapena zonse zinali maloto chabe, zakumbuyo zimangofafanizika m'malo mosintha tanthauzo. Choipa kwambiri, kwa ine, ndi wofotokoza wonama poyera. Sheppard akanati anasiya Ackroyd ali moyo, bukulo likanakhala chinyengo basi.