Mbale Ziwiri ndi Miyala Zingagwire Ntchito ya Kompyuta

M'chaka cha 1961, Marvin Minsky wa pa yunivesite ya MIT ku America anatsimikiza mwa masamu kuti makina okhala ndi zowerengera ziwiri zokha angathe kugwira ntchito iliyonse imene kompyuta imagwira. Chowerengeracho chili ngati mbale yoponyamo miyala. Makinawo amaloledwa zinthu zitatu basi: kuponyamo mwala umodzi, kuchotsamo mwala umodzi, ndi kuona ngati m'mbalemo mulibe kanthu. Yankho la funsoli ndi limene limawauza mzere wa malangizo woti atsate kenako. Kuchuluka kwa miyala sakudziwa.

Muyezo umene Minsky ankafuna kufikapo ndi makina amene Alan Turing wa ku Britain anafotokoza mu 1936. Makina a Turing ali ndi tepi yopanda malire yogawidwa m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamasunga 0 kapena 1. Mutu wake umawerenga kabokosi kamodzi, n'kulembamo, n'kusunthira kumanja kapena kumanzere. Nanga tepi yaitali chonchi ingakwane bwanji m'mbale?

Poyamba tepiyo timaidula pamene pali mutu. Chidutswa chilichonse timachiwerenga ngati nambala: kabokosi koyandikana ndi mutu mtengo wake ndi 1, kotsatira 2, kenako 4, 8, mpaka mtsogolo. Tiyerekeze kuti kumanzere kuli 1, 0, 1. Imeneyo ndi miyala 5 m'mbale yoyamba. Kumanja, kuyambira pamutu, kuli 0 kenako 1, ndiye miyala 2 m'mbale yachiwiri. Timabokosi tosalembedwa ndi 0, choncho sitiwonjezera kanthu. Zimene zili pansi pa mutu makina amangozikumbukira mwa mzere wa malangizo umene aimapo.

Tsopano mutu ulembe 1 n'kusunthira kumanja. Kumanzere kwabwera kabokosi katsopano, ndiye tichulukitse 5 kawiri n'kuwonjezera 1, tipeza 11. Kumanja kwachoka kabokosi, ndiye tigawe 2 pawiri, tipeza 1 popanda chotsala. Chotsala cha 0 chija ndicho mutu ukuwerenga tsopano. Koma kuti achulukitse, makina amafuna mbale yachitatu yongogwirizira. Amachotsa mwala umodzi m'mbale yoyamba, n'kuponya iwiri m'yachitatu, mpaka yoyambayo itatha, kenako n'kubwezera yonse. Apa taona kuti mbale zitatu zikukwanira.

Luso lenileni lili pa kutsitsa zitatuzo kuti zikhale ziwiri. Nambala zitatu zija zimabisidwa m'nambala imodzi mothandizidwa ndi 2, 3 ndi 5, zomwe sizigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi izo zomwe. Mbale zathu zinali ndi miyala 5, 2 ndi 0. Tichulukitse ma 2 asanu, tipeza 32, ma 3 awiri atipatsa 9, ndipo 5 salowamo chifukwa mbale yachitatu ilibe kanthu. Tikachulukitsa 32 ndi 9 tipeza 288. Palibe njira ina yophwanyira 288 kukhala ma 2, ma 3 ndi ma 5, choncho palibe chimene chasokonekera.

Miyala 288 ikhale m'mbale imodzi, inayo ikhale yogwirizira. Kuponya mwala m'mbale yachiwiri yakale ija tsopano ndi kuchulukitsa katatu, kufika pa 864. Kuchotsamo mwala ndi kugawa patatu. Kuti adziwe ngati yachitatu ija ilibe kanthu, makina amachotsa miyala isanuisanu, n'kumaponya umodzi m'mbale inayo ulendo uliwonse. Pa 288 zimachitika ka 57, n'kutsala 3. Poti pali chotsala, 5 mulibe, ndiye mbaleyo inali yopanda kanthu. Akatero ayenera kubwezera miyala yonse 288, apo ayi zonse zimene anasunga zawonongeka. Apa ndi pamene mbale imodzi yokha imalepherera: ikatha, palibe chokumbutsa kuti munali miyala ingati.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Kusuntha kumodzi kuja, kuchoka pa 5, 2, 0 kufika pa 11, 1, 0, kumakweza miyala kuchoka pa 288 kufika pa 6,144. Kumanzere kutakhala timabokosi 20 ta 1 tokhatokha, nambala ya miyala ingakhale ndi manambala oposa 300,000 poilemba. Komanso funso liyenera kulowa litabisidwa kale. Richard Schroeppel anaonetsa mu 1972 kuti makina a mbale ziwiri atapatsidwa nambala N monga ilili, sangathe kutulutsa yankho la kuchulukitsa ma 2 okwana N.

Choncho palibe amene angapange kompyuta yeniyeni motere. Phindu lake lili kwina. Turing anatsimikiza kuti palibe njira imodzi yodziwira pasadakhale ngati pulogalamu iliyonse idzaime kapena idzangoyendabe. Popeza mbale ziwiri zimatsanzira makina ake, vuto lomwelo lili pa izo. Katswiri akaonetsa kuti chinthu china chingathe kusunga zowerengera ziwiri n'kuona ngati zatha, waonetsanso kuti palibe pulogalamu yolosera mathero a chinthucho nthawi zonse.