Ngongole ya K1 miliyoni pa sipuredishiti: nthawi yabwino yobweza zowonjezera ndi iti?

Mabungwe awiri obwereketsa ndalama akhoza kulengeza chiwongoladzanja chofanana, 36 peresenti pachaka, koma wobwereka K1,000,000 kwa miyezi 12 n'kudzabweza K1,360,000 ku bungwe loyamba, ndi K1,205,545 ku lachiwiri. Palibe amene wanama. Loyamba limawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse imene munthu anatenga, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngati kuti sanabwezeko kalikonse. Lachiwiri limachiwerengera pa ngongole yotsala yokha, ndipo ngongoleyo ikamachepa, nachonso chimachepa.

Njira yachiwiriyi ndi imene imapatsa wobwereka mpata wopulumutsa ndalama akabweza msanga. Kuti aone kukula kwa mpatawo, amangofunika sipuredishiti, kaya ya Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc, ndi mafomula ochepa chabe.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene watenga K1,000,000 yoti awonjezere mpamba. Pamwamba pa tsamba akulemba zinthu zitatu: 1000000 m'kabokosi ka B1, 36% mu B2, ndi 12 mu B3. Mu B4 akuika fomula yopezera ndalama yobweza mwezi ndi mwezi:

```
=PMT(B2/12,B3,-B1)
```

Yankho ndi K100,462. Kugawa ndi 12 kuja kukusandutsa 36 peresenti ya pachaka kukhala 3 peresenti ya pamwezi, pomwe kachizindikiro kochotsera kali kutsogolo kwa B1 kakungothandiza kuti yankho lisatuluke ngati nambala yopelewera.

Ndandanda yeniyeni ikuyambira pa mzere 7, ndipo mzere uliwonse ndi mwezi umodzi. Danga A ndi la nambala ya mwezi, B ngongole poyamba pa mwezi, C chiwongoladzanja, D ndalama yobweza, E ndalama yowonjezera, ndipo F ngongole yotsala.

```
B7: =B1
C7: =B7*$B$2/12
D7: =MIN($B$4,B7+C7)
F7: =B7+C7-D7-E7
B8: =F7
```

Mafomula a C, D ndi F, pamodzi ndi ya B8, akakokeredwa pansi mpaka mzere 18, nkhani yonse ya ngongoleyi imaonekera. Mwezi woyamba, pa K100,462 imene mayiyu wapereka, K30,000 yapita ku chiwongoladzanja, ndipo K70,462 yokha ndi imene yadula ngongole. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chatsika kufika K27,886, chifukwa tsopano chikuwerengedwa pa K929,538. Pofika mwezi wa 12 changotsala K2,926. Ndalama yotuluka m'thumba siikusintha, koma gawo lodula ngongole likukula mwezi uliwonse.

Ndandanda yolondola imadzitsimikizira yokha: kabokosi ka F18 kayenera kusonyeza ziro, ndipo `=SUM(C7:C18)` ipereke K205,545. Zikapanda kutero, cholakwika nthawi zambiri chimakhala pa zizindikiro za `$`. Munthu akaziiwala mu C7 n'kukokera fomula pansi, mzere wachiwiri umasiya B2 n'kukagwira B3, pamene pali 12, ndiye chiwongoladzanja cha mwezi umenewo chimafanana ndi ngongole yonse. Wina amalemba 36 m'malo mwa 36%, ndipo B4 imamuuza kuti azibweza K3 miliyoni pamwezi.

Danga E ndi limene limasangalatsa kuliseweretsa. Tinene kuti malonda ayenda bwino ndipo mayiyu wapeza K200,000 yapadera. Akaipereka pamodzi ndi ndalama ya mwezi wachitatu, akulemba 200000 mu E9. Ngongole yotsala ikugwa kuchoka pa K782,209 kufika pa K582,209, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chikutsika ndi K6,000. K6,000 imeneyo nayonso ikupita kukadula ngongole, zomwe zikuchepetsanso chiwongoladzanja cha mwezi winawo, mpaka kumapeto. Ngongole ikutha mwezi wa 10 ndi kandalama komaliza ka K46,718, ndipo chiwongoladzanja chonse chikukhala K150,877. Mayiyu wapulumutsa K54,668.

Apa ndi pamene ntchito ya `MIN` imaonekera. Fomulayi imasankha chochepa pakati pa ndalama ya mwezi ndi mwezi ndi zonse zimene zatsala. Popanda iyo, sipuredishiti imapitiriza kulipiritsa K100,462 ngongole itatha kale, ndipo danga F limadzaza ndi manambala opelewera.

Nanga akasunga K200,000 ija m'nyumba n'kudzaipereka mwezi wa 9? Akafufuta E9 n'kulemba ndalamayo mu E15, ngongole ikuthabe mwezi wa 10, koma zopulumutsa zikungokwana K14,693. Ndalama ndi yomweyo, kusiyana n'kwakuti yoperekedwa mochedwayo yapeza chiwongoladzanja chambiri chitadyedwa kale. Kudikira miyezi isanu ndi umodzi kwamudyera pafupifupi K40,000.

Komabe sipuredishiti simuuza mayiyu chilichonse za geni yake. Ngongoleyi ikumudyera 3 peresenti pamwezi, choncho ngati K200,000 yomweyo ingapindule kuposa pamenepo ikapikula zitenje zoyenda malonda, kuibweza msanga sikungakhale kwanzeru.

Kutseka ngongole yonse nthawi isanakwane kuli ndi msampha wakewake. Akamaliza kulipira mwezi wa 6, popanda chowonjezera chilichonse, munthu amaganiza msanga kuti kwatsala miyezi isanu ndi umodzi ya K100,462, kutanthauza K602,773. Koma mkati mwa ndalama imeneyo muli chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Chimene ali nacho ngongole tsiku limenelo chili mu F12, ndipo ndi K544,222. Kusiyana kwake ndi K58,550.

Akapita kukatseka patadutsa masiku khumi, pamawonjezeka chiwongoladzanja cha masikuwo, chimene chimapezeka motere:

```
=F12*B2*10/365
```

Izi zikupereka K5,368, ndipo zonse pamodzi ndi K549,590. Kuwerengera masiku kotereku n'kumenenso kumachititsa kuti manambala a wobwereketsa asiyaneko pang'ono ndi a pa sipuredishiti. Amene amawerenga chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku amalipiritsa mochepa mu Febuluwale kusiyana ndi mu Malichi, pomwe ndandanda yogawa ndi 12 imatenga miyezi yonse ngati yofanana. Pa ngongole yotereyi kusiyana kwa mtundu umenewu kumakhala kwa masauzande ochepa. Kukafika masauzande makumimakumi, ndiye kuti pali china chimene chaikidwapo: ndalama yokonzera mapepala, inshuwalansi ya ngongole, chindapusa chotsekera ngongole msanga, kapena chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse monga ku bungwe loyamba lija.

Zonsezi zimalembedwa m'pangano la ngongole, ndipo ndi momwemo mmene muli yankho la funso lalikulu: kodi ndalama yowonjezera imapita kuti? Obwereketsa ena amaidula pa ngongole tsiku lomwelo, monga mmene danga E likuchitira. Ena amaisunga ngati malipiro a miyezi yakutsogolo, ndiye ngongole yotsala siitsika msanga ndipo K54,668 ija siioneka. Enanso amasiya miyezi 12 ili chomwecho n'kuchepetsa ndalama ya pamwezi, zomwe zimapeputsa thumba koma zimapulumutsa zochepa kusiyana ndi kufupikitsa nthawi.

N'chifukwa chake mayi wa zitenjeyu, asanasiye K200,000 yake pa kauntala, ayenera kupempha kuti ilembedwe ngati yodula ngongole yeniyeniyo, komanso kuti apatsidwe ndandanda yatsopano. Ngati anaipereka mwezi wachitatu, ndandandayo iyenera kuyamba mwezi wachinayi ndi ngongole ya pafupifupi K582,209. Ikasonyezabe K782,209, abwerere kwa wogwira ntchito za ngongole atanyamula lisiti lake.