Kodi Wosaona Amamva Chiyani Akafika pa Chithunzi Chanu?

Munthu wosaona akatsegula tsamba la pa intaneti, foni kapena kompyuta yake imamuwerengera mokweza zonse zimene zalembedwapo. Pa mafoni a Android ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, ndipo pa kompyuta ambiri amadalira JAWS kapena NVDA. NVDA ndi yaulere, inayamba mu 2006 ku Australia, ndipo amene anaiyambitsa, Michael Curran ndi James Teh, nawonso ndi osaona. Mapulogalamu amenewa amawerenga mitu, ndime ndi mabatani bwinobwino. Vuto limayamba akafika pa chithunzi, chifukwa chithunzi pachokha chilibe mawu oti n'kuwerenga. Chimene pulogalamu imanena pamenepo ndi chiganizo chobisika chimene mwini tsamba analemba kuseri kwa chithunzicho, m'kamalo kotchedwa `alt`. Ngati sanalembemo kanthu, wosaonayo amangomva kuti pali chithunzi, kapena amamva dzina la fayilo likutchulidwa lemba ndi lemba, nambala ndi nambala: `IMG_4471.jpg`.

Kamalo kameneka si kachilendo. Kanalipo kale m'malamulo a HTML a mu 1995, nthawi imene intaneti inali yochedwa kwambiri moti anthu ambiri ankazimitsa zithunzi n'kumangowerenga mawu. Mpaka pano netiweki ikamavuta kapena bandulo ikamatha, chithunzi chikakanika kutseguka, mawu a `alt` ndi amene nthawi zambiri amaoneka pamalo pake. Kwa osaona, nkhaniyi inafika mpaka pa milandu. Mu 2000, Bruce Maguire wa ku Australia, yemwe ndi wosaona, anapambana mlandu umene anadandaulira komiti yokonza masewera a Olimpiki a ku Sydney. Chimodzi mwa zimene ankadandaula chinali chakuti zithunzi za pa webusaiti yawo zinalibe mawu ozifotokoza. Komitiyo inalamulidwa kukonza, sinakonze mokwanira, ndipo inauzidwa kumulipira madola 20,000 a ku Australia.

Koma pali mlendo wina amene amawerenganso kamalo komweka, ndipo ndi iyeyu wadzetsa chisokonezo. Makina a Google akamayendera masamba kuti adziwe zimene zilimo, amawerenga `alt` pamodzi ndi dzina la fayilo komanso mawu ozungulira chithunzi, kuti adziwe nthawi yoyenera kuchionetsa kwa munthu amene akusaka. Amalonda atazindikira zimenezi, anayamba kudzaza kamaloka ndi mawu amene akuganiza kuti ogula amalemba posaka. Poti woona saona zimene zili mmenemo, ankaona ngati palibe amene akumulakwira.

Tiyerekeze mayi amene amagulitsa zitenje ku Lilongwe ndipo mwana wa mchemwali wake wamukonzera webusaiti. Patsamba limodzi pali zitenje 20. Mnyamatayo wamva kuti mawu osakira amakweza tsamba, ndiye pa chithunzi chilichonse wamatapo zofanana:

```html
<img src="IMG_4471.jpg"
     alt="chitenje zitenje chitenje Lilongwe zitenje zotchipa chitenje Malawi gulani zitenje">
```

Tsopano ganizani za mayi wosaona amene akufuna chitenje chovala ku chinkhoswe cha mwana wake. Akusuntha chala pafoni, ndipo pa chithunzi choyamba akumva mndandanda wonsewo. Pa chachiwiri akumva womwewo. Pofika pa cha 20 wamva mawu akuti chitenje ndi zitenje maulendo 120, koma sakudziwa ngakhale mtundu wa nsalu imodzi. Zili ngati kondakitala wa minibasi amene akungokuwa kuti "kwerani, kwerani, kwerani" osatchula kumene galimoto ikupita.

Ndipo mnyamatayo sanapindule kanthu ngakhale kwa Google. Malangizo a Google kwa eni mawebusaiti amanena poyera kuti kudzaza `alt` ndi mawu osakira kumasautsa ogwiritsa ntchito ndipo kungachititse kuti tsamba lionedwe ngati lachinyengo. Chitsanzo chimene amapereka ndi cha chithunzi cha kagalu: kulemba mayina a mitundu yambirimbiri ya agalu n'kulakwa, kungolemba kuti kagalu n'kwabwinoko, koma chabwino koposa ndi kutchula mtundu wa kagaluyo ndi zimene kakuchita. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amaganiza kuti wosaona akufuna china, Google ikufuna china, ndiye pafunika kugawa pakati. Pa chithunzi cha malonda, awiriwa amafuna pafupifupi chinthu chimodzi: dzina lenileni la chinthucho ndi zimene zikuchisiyanitsa ndi chinzake.

Chithunzi chomwe chija chikanalembedwa chonchi:

```html
<img src="chitenje-chobiriwira-mpendadzuwa.jpg"
     alt="Chitenje chobiriwira cha maluwa akuluakulu achikasu a mpendadzuwa, m'mphepete muli mzere wakuda">
```

Mawu osakira alimo, chitenje, kamodzi kokha komanso koyambirira, chifukwa ndi zimenedi zili pachithunzipo. Mawu ena onse akugwira ntchito imene maso akanagwira. Munthu amene wasaka chitenje chobiriwira cha maluwa angathe kuchipeza, pomwe mndandanda uja sukanamuthandiza chifukwa munalibe mtundu uliwonse. Ena amafunsa kuti kutchula mitundu kwa wosaona kuli ndi phindu lanji. Phindu lilipo lalikulu. Ambiri anasiya kuona atakula ndipo amadziwa bwino kubiriwira, ena amaona pang'ono, ndipo ngakhale wobadwa wosaona amafuna kudziwa ngati chitenjecho chigwirizane ndi bulauzi yake kapena ndi yunifolomu imene a kubanja agwirizana.

Nanga Lilongwe wapita kuti? Sali pachithunzipo, choncho sayenera kukhala mu `alt`. Malo ake ndi pa mutu wa tsamba, pa adiresi ya sitolo ndi m'ndime yolonjera makasitomala, kumene aliyense angauwerenge ndipo Google imauwerenganso. N'chimodzimodzi mtengo ndi kutalika kwa nsalu: kaya ndi mamita 2 kaya 4, zilembedwe poyera pansi pa chithunzi. Zikalembedwa poyera, musazibwerezenso mu `alt`, apo ayi wosaona azimva kawiri motsatizana. Lilongwe angalowe pokhapokha chithunzicho chikuonetsa sitolo yeniyeniyo, chifukwa pamenepo kutchula kuti khomo la sitolo ili mu msika wakutiwakuti ndi kufotokoza ndithu zimene zikuoneka. Muyeso wake ndi wosavuta: mutamuimbira foni mnzanu n'kumufotokozera chithunzichi, kodi mawu amenewa mukanawatchula? Ngati simukanawatchula, mwawaika chifukwa cha Google basi, ndiye achotseni.

Chovutirapo n'chakuti chithunzi chimodzimodzi chimafuna mawu osiyana malinga ndi ntchito imene chikugwira pamalopo. Chitenje cha mpendadzuwa chija chikaikidwa patsamba loyamba ngati khomo lolowera ku zitenje zonse za maluwa, ndiye kuti chasanduka linki. Ngati palibe mawu ena pa linkiyo, wosaona safunanso kumva za mzere wakuda wa m'mphepete. Akufuna kudziwa kumene apite akadina. Pamenepo `alt` ingonena kuti "Zitenje za maluwa". Google nayonso imatenga mawu amenewo ngati dzina la linkiyo, choncho apa mawu osakira amalowa okha popanda kuwakakamiza. Kachizindikiro ka galasi lokuzira zinthu kamene kali pa batani losakira kasafotokozedwe kuti ndi galasi. Kalembedwe kuti "Sakani".

Palinso zithunzi zimene ziyenera kukhala chete. Timaluwa tokongoletsa m'makona, mizere yolekanitsa ndime, kachithunzi ka foni kamene kali pambali pa mawu akuti "Tiimbireni": zonsezi sizikuuza munthu chatsopano. Zimalembedwa chonchi:

```html
<img src="mzere.png" alt="">
```

Kusiya `alt=""` wopanda kanthu n'kosiyana ndi kusaika `alt` n'komwe. Koyambako kukuuza pulogalamu kuti idumphe, palibe chofunika. Kwachiwiriko kukuisiya m'malere, ndipo m'pamene imatha kuyamba kutchula dzina la fayilo. Timalo ta zokongoletsa timeneti ndi timene timakopa kwambiri okonda kubisa mawu osakira, poganiza kuti ndi malo ongokhala. Kunena zoona, palibe chinyengo choonekeratu kuposa mzere wokongoletsa umene ukudzitcha zitenje zotchipa.

Za kutalika, mudzamva ena akunena kuti musapitirire zilembo 125. Limeneli si lamulo la HTML, ndipo mulibe m'malangizo a WCAG, amene bungwe la W3C linayamba kutulutsa mu 1999 ndipo maiko ambiri amawatsatira poyeza ngati webusaiti ikufikirika kwa anthu olumala. Ndi chizolowezi chabe, koma chili ndi nzeru yake: mawu omvera ndi khutu amatopetsa msanga kuposa owerenga ndi maso. Chiganizo chimodzi chimakwana, mwina ziwiri. Musayambenso ndi mawu akuti "chithunzi cha", chifukwa pulogalamu imanena yokha kuti ichi ndi chithunzi.

Kumene chiganizo chimodzi sichikwana ndi pa zithunzi zodzaza ndi mawu, ndipo kwathu kuno n'zambiri: chidziwitso cha ntchito, ndondomeko ya mwambo wa ukwati, uthenga wa maliro, mndandanda wa mitengo, zonse zojambulidwa ngati positala. Mayi wa zitenje uja akapanga positala yakuti mitengo yatsika sabata ino, `alt` yakuti "positala ya malonda" siithandiza aliyense. Zofunika zonse, kuti zatsika ndi zingati, mpaka liti, kuimba nambala iti, zilembedwe ngati mawu enieni pansi pa positalayo. Akatero wosaona amva zonse, wofuna nambala aikopera mosavuta, ndipo Google ipeza mawu ambiri oona kuposa amene akanapanikizidwa kuseri.

Simufunika kudziwa HTML kuti muchite zimenezi. Mu WordPress, mukaika chithunzi pamabwera bokosi lolembedwa kuti Alt Text kapena Alternative Text, ndipo Facebook, Instagram ndi X nazonso zili ndi polembapo mawu ofotokoza chithunzi. Mukalemba, yesani ndi khutu. Pa foni ya Android pitani ku Settings, kenako Accessibility, muyatse TalkBack, mutsegule tsamba lanu, muzisuntha chala kumanja kuti muchoke pa chinthu china kupita pa chinzake. Mukamva dzina la fayilo, pamenepo `alt` palibe. Mukamva chiganizo chimodzimodzi pa zithunzi ziwiri zosiyana, wina anangomata. Mukamva "linki" popanda kudziwa kumene ikupita, chithunzicho chikusowa dzina la kumene chikulowera. Dziwiranitu musanayatse kuti TalkBack imasintha kagwiridwe ka foni: kugunda kamodzi kumangosankha, kutsegula kumafuna kugunda kawiri, ndipo kukweza kapena kutsitsa tsamba kumafuna zala ziwiri. Pozimitsa mudzadutsa njira yomwe ija ya ku Settings, koma ndi kagundidwe katsopanoka.