Musanasayine pepala la lendi, lembani kalata

Nyumba za lendi m'mizinda yathu zimasowa, ndipo amene waipeza amakhala ndi mantha kuti wina amulanda. Ejenti akuimba foni kuti pali anthu atatu ena amene akuifuna, galimoto yonyamula katundu mwapangana nayo kale, kumene mukuchoka notisi ikutha. Pepala la mgwirizano limabwera pa nthawi ngati imeneyi, lolembedwa m'Chingerezi cha maloya, masamba anayi kapena asanu, ndipo ambiri amangoyang'ana pamene pali dzina lawo ndi ndalama, n'kufunsa cholembera.

Vuto ndi lakuti malamulo amene makhoti athu amatsata pa nkhani za mgwirizano amalemekeza kwambiri siginecha. Munthu akasayina pepala amatengedwa kuti wavomereza zonse zili m'menemo, kaya anawerenga kaya sanawerenge. Ndipo mgwirizano ukalembedwa, khoti silifulumira kumvera zoti "koma pakamwa tinapangana zakutizakuti". Mapepala ambiri a lendi amakhalanso ndi ndime kumapeto yonena kuti zolembedwazo ndiwo mgwirizano wonse, zokambirana zam'mbuyo zathera pomwepo. N'zoona kuti khoti lili ndi mphamvu yokonza pepala lomwe linalembedwa molakwika, koma limafuna umboni wamphamvu woti nonse awiri munagwirizana china, ndipo kufika kumeneko ndi ndalama za loya ndi miyezi yodikira. Cholakwika chomwecho chikaoneka musanasayine, chimangofuna kalata ya tsamba limodzi.

Tiyerekeze mayi wina, mphunzitsi, wapeza nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Area 25 mu Lilongwe. Eni nyumba poyamba anatchula K300,000 pamwezi. Atakambirana pakhonde, anatsitsa kufika K250,000, yolipira miyezi itatuitatu, ndi dipoziti ya mwezi umodzi. Madzulo ake eni nyumba anatumiza uthenga pa WhatsApp wotsimikiza mtengowo. Patapita masiku, pepala labwera. Pa ndime yachitatu manambala akuti K250,000, koma mawu a Chingerezi otsatira manambalawo, aja amalembedwa m'mabulaketi, akunena K300,000.

Zotere sikuti nthawi zonse ndi ukathyali. Kawirikawiri pepalalo limakhala kale pakompyuta, lotayipidwa mtengo usanatsike kapena lotsalira kwa amene ankakhalamo kale. Wotayipa amasintha manambala poti ndiwo amaonekera msanga, mawu n'kuwaiwala. Koma kuiwala kumeneko kuli ndi mtengo wake. Manambala ndi mawu zikasemphana, mwambo wa malamulo umakonda kutsata mawu, monga zimakhalira pa cheke cha kubanki, poganiza kuti munthu salakwitsa msanga polemba mawu ngati mmene amalakwitsira nambala. Ndiye kuti pepala la mayiwa likutsamira ku K300,000. Kusiyana kwake ndi K50,000 pamwezi. Pa miyezi itatu, m'malo mwa K750,000 angauzidwe kuti alipire K900,000, ndipo pachaka ndi K600,000 yapamwamba. Sizithera pamenepo. Dipoziti yalembedwa kuti ndi lendi ya mwezi umodzi, choncho nayonso yakwera. Ngati pali ndime yokweza lendi chaka chikatha, kukwezako kudzayambira pa mtengo wolakwikawo.

Wina anganene kuti eni nyumba ndi munthu wabwino, akudziwa zomwe tinapangana. Mwina akudziwadi. Koma nyumba imagulitsidwa, eni ake amamwalira, kapena amapita ku Joni n'kusiyira mphwawo kutolera lendi. Amene adzabwere pambuyo sanali pakhonde paja. Iye adzawerenga pepala.

N'chifukwa chake kuimba foni kokha sikukwanira. Imbani ndithu, ndi ulemu, kuti kalata isawadzidzimutse akuluakulu, koma kalatayo ilembedwe. Mayi uja angalembe motere, pamwamba ataika keyala yake, tsiku, ndi keyala ya eni nyumba:

*Okondedwa Bambo,*

*ZA NDIME 3 YA MGWIRIZANO WA LENDI YA NYUMBA YANU YA KU AREA 25*

*Zikomo kwambiri chifukwa cha pepala la mgwirizano lomwe ndalandira dzulo. Ndaliwerenga lonse ndipo nyumbayo ndikuifunabe monga tinapanganira.*

*Ndisanasayine, ndati ndikudziwitseni za malo amodzi amene ndikuona ngati panalakwika potayipa. Pa tsamba 2, ndime 3, manambala akunena kuti lendi ndi K250,000 pamwezi, koma mawu otsatira manambalawo akunena K300,000. Tsiku lomwe ndinadzaona nyumba tinagwirizana K250,000, ndipo munatsimikiza zimenezi mu uthenga wanu wa madzulo a tsiku lomwelo. Chithunzi cha uthengawo ndachiphatika ku kalata ino.*

*Chonde ndikupempha kuti mawuwo akonzedwe kuti afanane ndi manambala, K250,000, komanso kuti pa ndime 4 dipoziti ilembedwe ndi nambala yake, K250,000. Zikakonzedwa ndine wokonzeka kusayina ndi kulipira lendi ya miyezi itatu, K750,000, pamodzi ndi dipoziti, tsiku lolowa m'nyumba lisanafike.*

*Ndidzathokoza mukandiyankha pofika Lachisanu.*

*Ine wanu,*

Kalatayi ndi yaifupi, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Yayamba n'kuchotsa mantha a eni nyumba: munthu uyu sakuthawa, nyumba akuifuna. Kenako yaloza malo enieni, tsamba ndi ndime, kuti bamboyo akatenga pepala lawo apeze pomwepo osasakasaka. Kalata yongoti "ndalama zalakwika" imabweretsa mafunso ena ndi kutaya masiku. Yanena zomwe zalembedwa, yanena zomwe anagwirizana, yaonetsa umboni, ndipo yapereka mawu oti alowe m'malo. Eni nyumba atsala ndi ntchito imodzi yokha, kunena kuti inde kapena ayi.

Taonaninso mawu akuti "ndikuona ngati panalakwika potayipa". Mayiyu sanalembe kuti mukufuna kundibera, ngakhale mumtima atakhala ndi chikayiko. Ine ndimaona kuti apa m'pamene makalata ambiri amaonongekera. Munthu wamkulu akamva kuti akutchedwa wakuba amauma mutu, ndipo nyumba ndi yake, angathe kuipereka kwa wina mawa lomwe. Mukamusiyira khomo lotulukira, kuti mwina ndi wotayipa, amakonza popanda kuchita manyazi. Ulemu umenewu suchepetsa kanthu pa mfundo, chifukwa kalata yanena poyera kuti kusayina kudzachitika zikakonzedwa.

Chinthu china chimene kalatayi yapewa ndi kusakaniza cholakwika ndi madandaulo. Pepala lomwelo lingakhale ndi ndime yoti wokhalamo azipenta nyumba potuluka, ndipo mayiyu sakuikonda. Imeneyo si cholakwika, ndi mfundo yoti akambirane, ndipo eni nyumba ali ndi ufulu wokana. Cholakwika ndi pamene pepala likunena zosiyana ndi zimene munagwirizana kale, kapena likudzitsutsa lokha: tsiku lotha lendi lomwe silikukwana chaka chomwe mwalemba, nambala ya puloti ya nyumba ina, dzina losiyana ndi la pa chitupa chanu cha unzika, notisi ya mwezi umodzi pa tsamba lina ndi ya miyezi itatu pa tsamba linzake. Mukaika zonse m'kalata imodzi, eni nyumba amaona ngati mwayambiranso kunenerera mtengo, ndipo mfundo yanu yomveka ija imamira m'zinazo. Ngati muli ndi pempho, likhale pa ndime yakeyake, litchulidwe kuti ndi pempho.

Kalata ikalembedwa, sungani kope lake. Ngati mwaipereka pamanja, pemphani wolandira asayine ndi kulemba tsiku pa kope lanulo. Ngati mwatumiza chithunzi chake pa foni, musafufute. Ndipo ngati pali ejenti pakati, kalata ipite kwa eni nyumba, ejenti angolandira kope, chifukwa ejenti amapeza yake mukasayina, kotero iye ndiye woyamba kukuuzani kuti "sayinani kaye, tikonza pambuyo".

Mawu amenewo muwakane. Kalata payokha sisintha mgwirizano. Mukalemba kalata kenako n'kusayina pepala losakonzedwa, mwadziika pamalo ovuta kuposa poyamba, chifukwa tsopano pali umboni woti munaona K300,000 ija ndi maso anu, munaitchula, ndipo munasayinabe. Wina angadzanene kuti pomaliza munavomera.

Kukonza kwabwino ndi kutayipanso tsambalo. Likabwera latsopano, werenganinso pepala lonse, osati ndime 3 yokha, poti wotayipa amene anaiwala mawu angathenso kusindikiza fayilo yakale kapena kusokoneza pena. Ngati kompyuta ili kutali, kukonza ndi cholembera kumaloledwa: dulani mawu olakwikawo ndi mzere umodzi woti akalewo azionekabe, lembani oyenera pamwamba pake, ndipo nonse awiri muike zilembo zoyambira mayina anu pambali, pa makope onse awiri. Musafute ndi utoto woyera uja wa m'kabotolo, chifukwa malo ofutidwa amadzabala mkangano woti anasintha ndani ndipo liti. Ikaninso zilembo zanu pansi pa tsamba lililonse kuti lina lisadzalowetsedwe mwakachetechete, mboni isayine, ndipo kope lanu losayinidwa ndi eni nyumba mutuluke nalo tsiku lomwelo.

Ambiri pofika nthawi ya pepala amakhala atalipirako kale kuti nyumba isapite. Ngati zili choncho, lisiti ndi mboni yanu. Lionetse kuti ndalamayo ndi ya miyezi iti komanso pa mtengo wanji pamwezi. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umangoonetsa kuti ndalama inatumizidwa, sunena kuti K750,000 ija inali ya miyezi itatu yathunthu kapena inali yoperewera pa K900,000.

Nanga cholakwikacho chikakhala chokomera inuyo? Tinene kuti mawu akunena K200,000 pamene munagwirizana K250,000. Lembani kalata yomweyo. Kusayina mwakachetechete mukudziwa kuti mnzanu walakwitsa si chilungamo, ndipo khoti lingathe kukonza pepalalo mokomera eni nyumba likaona kuti inu munkadziwa. Kuonjezera apo, mwayamba kukhala m'nyumba ya munthu ndi chinyengo chimene adzachitulukira pa lendi yoyamba.

Pali nthawi imene yankho limabwera loti pepala silisinthidwa, mtengo ndi umene uli m'mawuwo. Pamenepo si cholakwikanso, eni nyumba abwerera pa K300,000, ndipo kuli bwino mwadziwa katundu asanakwere galimoto. Mungathe kuvomera mtengowo ndi maso otsegula, kukambirananso, kapena kufuna nyumba ina. Ngati munalipirako kale ndipo akukana kubweza, tengani kope la kalata, uthenga wa pafoni uja ndi lisiti, mupite nazo kwa loya kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau musanasayine chilichonse.